Mapu awiri sanena okha kuti nkhalango yatha

Mapu oyamba amene ndinajambula osonyeza kusintha kwa malo ndinawakonda kwambiri, ndipo anali abodza. Ndinali nditatenga zithunzi ziwiri za setilaiti za dera limodzi, zotalikirana zaka makumi awiri, ndipo kompyuta itamaliza kuwerengera inandiuza kuti nkhalango ya m'deralo yakula kwambiri. Mphunzitsi amene ankatitsogolera anayang'ana mapuwo kamphindi kochepa, nafunsa funso limodzi lokha: zithunzizi zinajambulidwa mwezi wanji? Nditabwerera kukaona madeti, ndinapeza kuti chithunzi chakale chinajambulidwa kumapeto kwa chilimwe, mitengo yambiri itayoyola masamba ndi udzu utauma, pamene chatsopano chinajambulidwa mvula itangosiya, dziko lonse lili lobiriwira. Chimene ndinayeza sichinali kukula kwa nkhalango ayi, koma kusiyana kwa nyengo ziwiri za pachaka.

Ndayamba ndi nkhani imeneyi chifukwa inu amene muli m'chaka choyamba mudzaphunzira msanga kudina mabatani amene amatulutsa mapu okongola, koma luso lenileni lili pa kudziwa ngati kusintha kumene mapuwo akuonetsa kunachitikadi pansi. Ndidzatsata njira imodzi yokha, imene ophunzira ambiri amayambira: kutenga zithunzi ziwiri za zaka zosiyana, kugawa chilichonse m'magulu a zophimba nthaka, kenako kufananiza mapu awiriwo.

Rimoti sensing'i ndi kuyeza chinthu uli patali, osachikhudza. Setilaiti imene ikuzungulira dziko siona mtengo kapena nyumba monga diso limaonera. Imangoyeza kuchuluka kwa kuwala kwa dzuwa kumene kwabwezedwa ndi kachigawo kalikonse ka nthaka, ndipo imalemba nambala. Kachigawo kameneka ndi pikiselo. Pa zithunzi za Landsat, setilaiti za ku America zojambula dziko, pikiselo imodzi ndi mamita 30 m'litali ndi mamita 30 m'lifupi, kutanthauza masikweya mita 900, kapena mahekitala 0.09. Nambala imeneyi muisunge, chifukwa mahekitala onse amene mudzalembe mu lipoti lanu adzachokera pa kuchulukitsa mapikiselo ndi 0.09. GIS, dongosolo la pa kompyuta losanja mapu, ndiyo imalandira manambala amenewa, kuwaika pamalo pake penipeni padziko, kuwasanjikiza pamwamba pa malire, misewu ndi mitsinje, ndi kuwawerengera. Mwachidule, setilaiti imayeza, GIS imasanja ndi kuwerenga.

Kuwalako sikuyezedwa pamodzi, koma m'magawo otchedwa mabandi, ndipo mabandi awiri ndiwo amanyamula katundu wambiri pa nkhani ya zomera. Tsamba lamoyo limamwa kuwala kofiira kuti lipange chakudya chake, motero limabweza kochepa kwambiri. Koma kuwala kwa infuraredi yapafupi, kumene diso la munthu silikuona, tsambalo limakubweza kochuluka chifukwa cha mmene mkati mwake munapangikira. Nthaka yopanda kanthu imabweza mitundu iwiriyi mosasiyana kwenikweni, ndipo madzi amamwa pafupifupi infuraredi yonse. Kusiyana kumeneku kumasonkhanitsidwa mu nambala imodzi yotchedwa NDVI, mmene NIR ndi infuraredi yapafupi ndipo Red ndi kuwala kofiira:

```
NDVI = (NIR - Red) / (NIR + Red)
```

Tiyerekeze kuti pikiselo ya m'nkhalango yothithikana yabweza 0.04 ya kuwala kofiira ndi 0.36 ya infuraredi. Pamwamba tipeza 0.32, pansi 0.40, ndipo NDVI ndi 0.8. Pikiselo ya nthaka yolimidwa kumene, yobweza 0.20 ndi 0.28, itipatsa pafupifupi 0.17. Apa mukuona kale chimene chinandigwetsa ine: mtengo woyoyola masamba uli ndi moyo ndithu, koma kwa setilaiti umaoneka ngati wachibale wa nthaka youma, pamene munda wa mbewu zobiriwira bwino umatha kufika pa nambala yofanana ndi ya nkhalango.

Chifukwa chimene ambiri timathamangira ku Landsat pa nkhani ya kusintha kwa malo ndi kutalika kwa mbiri yake. Landsat yoyamba inaulutsidwa mu 1972, Landsat 5 mu 1984, Landsat 7 mu 1999, Landsat 8 mu 2013 ndipo Landsat 9 mu 2021. Kuyambira mu 2008 zithunzi zake zakhala zaulere, ndipo zimapezeka pa webusaiti ya EarthExplorer ya USGS, bungwe la boma la America. Setilaiti iliyonse ya masiku ano imabwerera pamalo amodzi pakatha masiku 16. Sentinel-2 ya ku Ulaya ili ndi mapikiselo ang'onoang'ono a mamita 10, koma inayamba mu 2015, choncho singakuuzeni mmene malo analili m'chaka cha 2000. Pali misampha iwiri m'mbiri imeneyi. Woyamba ndi wakuti mu Meyi 2003 kachipangizo kena ka Landsat 7 kanawonongeka, ndipo zithunzi zake zonse zotsatira zili ndi mizere yopanda kanthu imene imadya pafupifupi magawo 22 pa 100 a chithunzi. Wachiwiri ndi manambala a mabandi: pa Landsat 5 ndi 7 kuwala kofiira ndi bandi 3 ndipo infuraredi yapafupi ndi bandi 4, pamene pa Landsat 8 ndi 9 kofiira ndi bandi 4 ndipo infuraredi ndi bandi 5. Wophunzira amene akopera fomula ya chithunzi chakale n'kuigwiritsa ntchito pa chatsopano osasintha manambala adzapeza yankho, pakuti kompyuta sikana, koma yankholo si NDVI.

Tsopano tiyeni titenge chitsanzo chongopeka, kuti manambala akhale osavuta kutsatira. Dera lathu lili ndi mapikiselo 100,000, amene ndi mahekitala 9,000, ndipo tikufuna kudziwa kuchuluka kwa nkhalango imene inatha pakati pa 2000 ndi 2020.

Ntchito yoyamba ndi kusankha zithunzi, ndipo ine ndimaona kuti theka la ubwino wa mapu limatsimikizika pano, munthu asanatsegule n'komwe pulogalamu. Zithunzi ziwirizo zikhale za mwezi umodzi kapena wapafupi, kuti zomera zikhale pa msinkhu wofanana wa chaka ndipo dzuwa likhale pamalo ofanana kumwamba, popeza mithunzi ya mapiri imatalika ndi kufupika malinga ndi nyengo. Mwezi wabwino ndi umene magulu anu amasiyana kwambiri. M'madera okhala ndi nyengo yamvula ndi yachilimwe, nthawi zambiri umakhala pamene mbewu zakololedwa koma mitengo isanayoyole masamba. Ngakhale mwezi utafanana, funsani ngati chimodzi mwa zaka ziwirizo sichinali cha chilala, chifukwa chilala chimaoneka pa chithunzi ngati kutha kwa zomera. Mitambo ndi mithunzi yake ichotsedwe pogwiritsa ntchito bandi ya QA_PIXEL imene imabwera limodzi ndi chithunzi, ndipo pikiselo imene yabisika pa chaka chimodzi ichotsedwe pa zaka zonse ziwiri, apo ayi mudzayerekeza dera lalikulu ndi laling'ono.

Tengani zithunzi za Collection 2 Level-2, zimene zachotsedwa kale chisokonezo cha mpweya, fumbi ndi utsi wa m'mlengalenga. Koma manambala amene ali m'mafayilo amenewa si kuwala kwenikweni. Ayenera kusinthidwa motere, mmene DN ndi nambala ya m'fayilo ndipo reflectance ndi gawo la kuwala kobwezedwa:

```
reflectance = DN * 0.0000275 - 0.2
```

Ambiri amalumpha sitepe imeneyi poganiza kuti popeza NDVI ndi kugawa, kuchulukitsako kudzadzifafaniza kokha. Kuchulukitsa kumadzifafanizadi, koma kuchotsera 0.2 sikutero. Pikiselo yathu ya nkhalango ija, ya 0.04 ndi 0.36, imasungidwa m'fayilo ngati 8,727 ndi 20,364 kapena pafupi pamenepo, ndipo mukaika manambala amenewa mu fomula osawasintha mudzapeza 0.40 m'malo mwa 0.8. Chizindikiro cha vutoli n'chosavuta kuona: ngati nkhalango yothithikana kwambiri m'dera lanu, pa nyengo yobiriwira, ikulephera kupitirira 0.5, bwererani mukaone ngati munasintha manambala.

Chotsatira ndi kutanthauzira magulu, ndipo pano pamafunika cholembera osati kompyuta. Tinene kuti tili ndi magulu anayi: 1 ndi nkhalango, 2 ndi minda ndi udzu, 3 ndi malo omangidwa, 4 ndi madzi. Mawu akuti nkhalango amamveka odziwika mpaka mutaima pamalo a mitengo yotalikirana, pansi pali udzu, n'kudzifunsa kuti awa ndi gulu liti. Bungwe la FAO limati nkhalango ndi malo opitirira theka la hekitala, okhala ndi mitengo yotalika kuposa mamita 5 imene nthambi zake zikuphimba magawo opitirira 10 pa 100 a nthaka, ndipo limapatulapo malo amene ntchito yake yaikulu ndi ulimi kapena mizinda. Mukhoza kutsata tanthauzo limeneli kapena lina, koma lilembedwe, ndipo likhale limodzi pa zaka zonse ziwiri. Dziwaninso kuti setilaiti imaona chimene chaphimba nthaka, osati ntchito imene anthu akugwira pa nthakayo. Munda wa mitengo yodzalidwa umene wadulidwa kuti udzalidwenso udzaoneka ngati nkhalango yatha, ngakhale kuti mwini wake sanasinthe ntchito ya malowo.

Kugawa chithunzi m'magulu kumene sikovuta monga kumamvekera. Mumajambula timadera tating'ono pamalo amene mukuwadziwa bwino, n'kuuza kompyuta kuti apa ndi nkhalango, apa ndi munda, ndipo njira yowerengera, monga Random Forest kapena Maximum Likelihood, imaphunzira manambala a gulu lililonse m'mabandi onse n'kupatsa pikiselo iliyonse gulu limene ikufanana nalo kwambiri. Mu pulogalamu ya GIS yotchedwa QGIS ambiri amagwiritsa ntchito Semi-Automatic Classification Plugin. Chimene ndingachenjeze n'chakuti wophunzira amakonda kusankha zitsanzo zooneka bwino zokhazokha, pakatikati pa nkhalango yakuda bii, n'kuiwala nkhalango ya kumbali ya phiri kumene kuli mthunzi, kapena yopyapyala ya m'mphepete. Kompyuta imadziwa zokhazo zimene mwaionetsa. Ndiponso chaka chilichonse chikhale ndi zitsanzo zake, chifukwa malo amene ndi munda lero mwina anali nkhalango mu 2000.

Mapu awiri aja akatuluka, onetsetsani kuti ali pa dongosolo limodzi la makoodineti loyezedwa m'mamita, monga UTM, ndiponso kuti mapikiselo awo akugonerana ndendende. Kenako mu Raster Calculator lembani:

```
"map_2000@1" * 10 + "map_2020@1"
```

Kachinyengo kameneka kamapatsa pikiselo iliyonse nambala ya madijiti awiri, yoyamba yonena zakale ndi yachiwiri yonena zatsopano. Nambala 11 ndi nkhalango imene idakalipo, 12 ndi nkhalango imene yasanduka munda, 13 yasanduka malo omangidwa, ndipo 21 ndi munda umene wasanduka nkhalango. Ubwino wa njira imeneyi ndi wakuti imaonetsa kumene malo achokera ndi kumene apita. Munthu amene amangoyerekeza mahekitala a nkhalango a zaka ziwirizo akhoza kunena kuti palibe chasintha, pamene mahekitala 500 adulidwa kumpoto ndipo ena 500 amera kumwera.

Tinene kuti m'chitsanzo chathu mapikiselo 10,000 atuluka ndi 12, 13 kapena 14, kutanthauza mahekitala 900 a nkhalango yotha. Mapikiselo 40,000, kapena mahekitala 3,600, ndi nkhalango yosasintha. Ndipo 50,000 otsalawo, mahekitala 4,500, ndi zina zonse. Apa ndi pamene mtima umafuna kulemba kuti mahekitala 900 atha n'kutseka kompyuta. Musatero, pa chifukwa cha masamu chosavuta. Ngati mapu a 2000 ali olondola pa mapikiselo 90 mwa 100 aliwonse, ndipo a 2020 chimodzimodzi, ndiye kuti mwayi wakuti pikiselo ikhale yolondola pa zaka zonse ziwiri ndi 0.9 kuchulukitsa ndi 0.9, amene ndi 0.81, ngati zolakwa za mapu awiriwo sizikugwirizana. Ndiye kuti pafupifupi pikiselo imodzi mwa zisanu zilizonse ili ndi mbiri yolakwika, m'dera limene mapu akuti pikiselo imodzi yokha mwa khumi ndiyo yataya nkhalango. Zolakwazo zikhoza kuchuluka kuposa kusintha kumene mukufunafuna. Kunena zoona, zolakwa zina zimabwera pamalo amodzimodzi zaka zonse ziwiri ndipo sizibala kusintha kwabodza, koma zotsalazo n'zokwanira kuwononga yankho.

Mapu amene ali ndi vuto amadziulula okha kwa munthu amene akudziwa poyang'ana. Yambani ndi kusintha kosatheka: ngati mapikiselo ambiri ali ndi nambala 31, kunena kuti nyumba ndi misewu zasanduka nkhalango, dziwani kuti gulu la malo omangidwa linasokonezeka ndi china chake pa chithunzi chakale, kawirikawiri nthaka youma kapena miyala, zimene zimawala mofanana ndi madenga. Kenako yang'anani maonekedwe a kusinthako. Nkhalango imene yadulidwadi imasiya zigamba zooneka ngati minda, zotsata misewu kapena mitsinje. Koma mukaona kamzere kopyapyala ka pikiselo imodzi kozungulira nkhalango, mbali ina kakuti yatha ndipo mbali yoyang'anizana nayo kakuti yamera, ndiye kuti zithunzi ziwirizo zinasemphana pang'ono pogonerana. Mapikiselo obalalika amodziamodzi ngati nthomba nthawi zambiri amakhala osakanikirana, theka mtengo theka munda, amene amagwera uku chaka china ndi uko chaka china popanda chosintha pansi. Ndipo kusintha kumene kwangodzaza mbali imodzi ya mapiri onse ndi mthunzi, osati nkhwangwa.

Kuyang'ana ndi maso kumakuuzani kuti vuto lilipo, koma sikukuuzani kukula kwake. Pa chimenecho pafunika mfundo zoyesera. Muuze kompyuta isankhe mwachisawawa mapikiselo 100 m'gulu lililonse mwa magulu atatu aja, nkhalango yotha, nkhalango yosasintha ndi zina zonse, ndipo pa pikiselo iliyonse mufufuze chimene chinachitikadi, pogwiritsa ntchito zithunzi zooneka bwino kwambiri monga zakale za mu Google Earth Pro, zithunzi zojambulidwa pa ndege, mndandanda wa zithunzi za Landsat za zaka zapakati, kapena kupita komweko ngati n'kotheka. Malamulo awiri ndi osaphwanyika. Mfundozi zisakhale zomwe zija munaphunzitsira kompyuta, chifukwa kumeneko n'kupatsa wophunzira mayeso amene mayankho ake anawaona kale. Ndipo musankhe mwachisawawa zenizeni, osati pamene pali pafupi ndi msewu kapena pamene pakuoneka bwino. N'kwabwinonso kubisa chimene mapu anena pamene mukuweruza mfundo iliyonse, popeza diso limakonda kuvomereza mapu amene mwini wake wavutikira.

Tiyerekeze kuti zotsatira zili motere. Mwa mfundo 100 za m'gulu la nkhalango yotha, 60 zokha ndizo zinathadi. Zina 40 zinali nkhalango yopyapyala imene idakalipo kapena malo amene sanakhalepo nkhalango. Mwa mfundo 100 za nkhalango yosasintha, 3 zapezeka kuti zinadulidwa koma mapu sanaone. Mwa 100 za gulu lotsalalo, imodzi inali nkhalango yotha. Tsopano gulu lililonse lipereke gawo lake malinga ndi kukula kwake. Magawo 60 pa 100 a mahekitala 900 ndi 540. Magawo 3 pa 100 a mahekitala 3,600 ndi 108. Gawo limodzi pa 100 la mahekitala 4,500 ndi 45. Kuphatikiza zonse, nkhalango imene inatha ndi mahekitala 693, osati 900.

Taonani kulemera kwa mfundo imodzi ija ya m'gulu lalikulu. Yokhayo yanyamula mahekitala 45, pamene mfundo imodzi ya m'gulu la nkhalango yotha imanyamula 9 okha. Zikanapezeka ziwiri m'malo mwa imodzi, yankho likanakwera kufika pa 738. N'chifukwa chake nambala ya 693 siyenera kuima yokha. Mukawerengera malire a chikaiko pogwiritsa ntchito fomula ya zitsanzo zotengedwa m'magulu, pa mlingo wa 95 pa 100, mupeza pafupifupi mahekitala 173 mbali iliyonse, kutanthauza kuti choonadi chikuyembekezeka kukhala pakati pa 520 ndi 866. Nambala ya mapu ija, 900, yagwera kunja kwa malire amenewa. Chodabwitsa kwa ambiri n'chakuti gawo lalikulu la chikaikocho silikuchokera m'gulu la nkhalango yotha, koma m'magulu awiri aakulu amene mapu anati palibe chatha, ndipo amene akufuna kuchepetsa malirewo ayenera kuwonjezera mfundo kumeneko.

Chitsanzo chomwechi chikuonetsa chifukwa chake ine sindikhutira ndi lipoti limene limangotchula kulondola kwa mapu onse pamodzi. Ngati pa funso lakuti nkhalango yatha kapena sinathe mapu athu alakwa pa mahekitala 360, 108 ndi 45, ndiye kuti alakwa pa 513 mwa 9,000, ndipo kulondola kwawo kukupitirira 94 pa 100. Nambala imeneyi imamveka yotamandika, komabe pa gulu limene tinadzera, mapikiselo anayi mwa khumi aliwonse ndi abodza, ndipo mwa mahekitala 693 amene anathadi mapu agwira 540 okha. Choncho mu lipoti lanu, pambali pa mapu, lembani madeti enieni a zithunzi ziwirizo, tanthauzo la gulu lililonse, chiwerengero cha mfundo zoyesera ndi mmene zinasankhidwira, kulondola kwa gulu la kusintha palokha, ndi mahekitala okonzedwa aja pamodzi ndi malire awo.

Patsala malire amodzi amene ngakhale ntchito yosamalitsa chotere singawalumphe. Zithunzi ziwiri zimangoona chiyambi ndi mapeto. Malo amene anadulidwa mu 2004 n'kuphukiranso pofika 2015 adzatuluka ndi nambala 11, ngati kuti sanakhudzidwepo, ndipo nkhalango imene ikuchotsedwa mtengo umodziumodzi, nthambi zotsala zikuphimbabe pikiselo, idzakhalabe m'gulu 1 ngakhale itapyapyala kwambiri. Kuti muone zoterezi pafunika chithunzi cha chaka chilichonse, n'kutsata NDVI ya pikiselo imodzi ngati mzere woyenda m'zaka, pamene kudulidwa kumaoneka ngati kugwa kwadzidzidzi ndipo kuphukira ngati kukwera kwapang'onopang'ono. Mukhoza kulawa njira imeneyi lero lomwe ndi mfundo zanu zoyesera: tengani zisanu mwa 40 zija zimene mapu ananama kuti zatha, mulembe NDVI yake ya mwezi womwewo chaka ndi chaka kuyambira 2000 mpaka 2020, ndipo muone ngati mzerewo unagwapo n'kukhala pansi, kapena unkangokwera ndi kutsika potsata mvula ya chaka chilichonse.